Chithunzi chimodzi, zilolezo zitatu: ndani ayenera kuvomera chisanaikidwe pa intaneti

Munthu amene ali ndi bizinesi yaing'ono amayenda ndi kamera m'thumba tsiku lonse, ndipo ntchito ikamutulukira bwino amafuna kuijambula kuti anthu aione pa tsamba lake. Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti m'chithunzi chimodzi mukhoza kukhala anthu angapo amene aliyense ali ndi ufulu wakewake, ndipo kuvomera kwa mmodzi wa iwo sikumanga enawo. Nkhaniyi imamveka bwino tikatsata chithunzi chimodzi kuyambira pamene chikujambulidwa mpaka pamene mwini wake akufuna kuchiika pa intaneti.

Tiyerekeze bambo wina amene ntchito yake ndi kukhoma mafelemu. Mayi wina wamubweretsera chithunzi chopenta pamanja chimene anagula kwa mmisiri wina zaka ziwiri zapitazo, kuti achiike mu felemu yamatabwa. Pa tsiku lodzatenga katundu wake, mayiyo wabwera ndi mwana wake wamkazi wa zaka 9 amene wangoweruka kusukulu ndipo akadali mu yunifolomu. Felemu yatuluka mokongola, mayi ndi mwana agwirizira chopentacho akumwetulira, ndipo bamboyo akufunsa kuti, "Mayi, ndingakujambuleni?" Mayiyo akuyankha kuti, "Jambulani, bambo." Madzulo ake bamboyo akufuna kuika chithunzicho pa tsamba la bizinesi yake, ndi mawu pansi pake otchula dzina la mayiyo monga kasitomala wokhutira. M'Chichewa mawu akuti kujambula amagwira ntchito kwa wakamera ndi kwa wopenta yemwe, choncho m'nkhani ino ntchito ya mmisiri uja tiziitchula kuti chopenta, pamene chithunzi ndi chija chatuluka mu foni.

Bamboyo ali ndi chinthu chimodzi chimene ndi chake ndithu. Popeza ndiye anagwira foni ndi kujambula, malamulo a maiko ambiri amamutenga kukhala mwini wa chithunzicho, kutanthauza kuti munthu wina sangachikopere ndi kuchigwiritsa ntchito popanda kumupempha. Koma umwini umenewu umamuteteza kwa anthu okopera basi. Sumupatsa mphamvu pa nkhope ya mayiyo, pa mwana, kapena pa chopenta chimene agwirizira. Apa m'pamene anthu ambiri amasokonezeka, chifukwa amaganiza kuti chithunzi chikakhala chawo ndiye kuti zonse zooneka m'chithunzimo zakhalanso zawo.

Tiyambe ndi mayiyo. Iye anavomera kujambulidwa, koma funso limene anafunsidwa silinatchule intaneti, tsamba la bizinesi, kapena dzina lake. Mwina ankaganiza kuti bamboyo amasunga zithunzi za ntchito zake kuti azionetsa makasitomala obwera pamalopo, mwinanso sanaganize kalikonse koma anangochita ulemu. Kusiyana kwa kujambula munthu ndi kufalitsa chithunzi chake ndi nkhani yakale m'malamulo. Otto von Bismarck, mtsogoleri wotchuka wa dziko la Jeremani, atamwalira mu 1898, anthu awiri ojambula analowa popanda chilolezo m'chipinda chimene munali mtembo wake ndi kuujambula kuti akagulitse zithunzizo. Mkangano umene unabuka ndi umodzi mwa zinthu zimene zinachititsa kuti mu 1907 dzikolo likhazikitse lamulo lakuti chithunzi cha munthu chisafalitsidwe kapena kuonetsedwa pagulu popanda mwini nkhope kuvomera. Gawo limeneli la lamulolo likugwirabe ntchito, ndipo chimene limayang'ana kwambiri ndi kufalitsa.

Pali chinthu chachiwiri chimene chimalemetsa nkhani ya mayiyo, ndicho chakuti tsamba la bizinesi ndi malo otsatsira malonda, ngakhale mwini wake asanalipire kalikonse kuti chithunzicho chionekere patali. Nkhope ya kasitomala ikaikidwa pamenepo imakhala ikuuza anthu kuti munthuyu akuyamikira katundu wa bizinesiyo. Ku New York, mu 1902, khoti lalikulu la chigawocho linakana dandaulo la mtsikana wina amene nkhope yake inasindikizidwa pa mapepala pafupifupi 25,000 otsatsira ufa iye asakudziwa, ponena kuti panalibe lamulo lomuteteza. Anthu anakwiya ndi chigamulocho, ndipo mu 1903 aphungu a chigawocho anakhazikitsa lamulo loletsa kugwiritsa ntchito dzina kapena chithunzi cha munthu wamoyo potsatsa malonda popanda chilolezo cholembedwa, ndipo ngati munthuyo ndi mwana, chilolezocho chichokere kwa kholo kapena womulera. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma m'malo ambiri kutsatsa malonda ndi kumene kumafuna chilolezo chomveka bwino kuposa kugwiritsa ntchito chithunzi m'njira zina, monga kulemba nkhani ya zochitika pagulu.

Nanga chilolezo chokwanira chimaoneka bwanji? Lamulo la maiko a mu mgwirizano wa ku Ulaya loteteza mbiri za anthu, lotchedwa GDPR, limene linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, limafotokoza kuvomera m'njira yothandiza ngakhale kwa munthu amene lamulolo silimukhudza. Limati kuvomera kukhale kopanda chikakamizo, kokhudza ntchito yodziwika, kochokera kwa munthu amene wauzidwa zonse, ndiponso koonetsedwa momveka, moti kukhala chete sikuwerengedwa ngati kuvomera. Mwa zinayizi, chimene chimavuta kwambiri pa bizinesi ndi choyambacho. Kasitomala amene wafunsidwa maso ndi maso, katundu wake akadali m'manja mwa wogulitsa, mwina akuyembekezeranso kuti amuchotsereko mtengo, savutika kunena kuti inde ngakhale mtima wake ukukana. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti nthawi yabwino yopempha ndi pamene malonda atha, ndalama zaperekedwa ndipo munthu wafika kwawo, chifukwa pamenepo kukana sikumutayitsa kanthu.

Bambo wa mafelemu uja akanatha kutumiza chithunzi chenichenicho kwa mayiyo pa foni, pamodzi ndi uthenga wonga uwu: "Mayi, ichi ndi chithunzi ndinakujambulani masana chija. Ndimafuna kuchiika pa tsamba la bizinesi yanga, pomwe aliyense angathe kuchiona, kuti anthu aone mafelemu amene ndimakhoma. Sindilemba dzina lanu pokhapokha mutafuna. Ngati simukufuna, palibe vuto lililonse, ndipo mukadzasintha maganizo mtsogolo mudzandiuze, ndidzachichotsa." Uthenga waufupi chonchi watchula chithunzi chake, malo amene chikaikidwe, amene adzachione, cholinga chake, nkhani ya dzina, ndi njira yobwezera mawu. Yankho la mayiyo likabwera, bamboyo alisunge pamodzi ndi tsiku lake. Kusungaku sikutanthauza kuti akumukayikira mayiyo, koma kuti pakapita chaka anthu awiri oona mtima akhoza kukumbukira mosiyana zimene anagwirizana, ndipo lamulo la ku Ulaya lija limaika udindo wosonyeza umboni wa chilolezo pa amene akugwiritsa ntchito chithunzicho. Chilolezo chimenechi chili ndi malire ake: ngati patapita miyezi bamboyo afuna kusindikiza chithunzi chomwecho pa chikwangwani kapena kulipira kuti chizionekera kwa anthu ochuluka ngati malonda, ayenera kupemphanso.

Nkhani ya mwana ndi yosiyana, ndipo ndi imene imafuna kudekha kwambiri. Mwana wa zaka 9 sangapereke chilolezo chomanga, choncho womuvomerera ndi kholo kapena munthu amene ali ndi udindo womulera mwalamulo. Mawu akuti mwalamulo ndi ofunika, chifukwa munthu wamkulu amene wabwera ndi mwana sakhala kholo lake nthawi zonse. Akhoza kukhala azakhali, mlezi, mphunzitsi kapena mnzawo wa makolo, ndipo aliyense wa amenewa angavomere mokoma mtima chinthu chimene alibe mphamvu yovomera. Bamboyo ayenera kufunsa poyera ngati mayiyo ndiye kholo, ndipo pempho la mwana likhale lapadera, lisabisale m'pempho la mayi. Munthu akhoza kulola nkhope yake kuoneka koma osafuna kuti ya mwana wake ioneke, ndipo ngati wafunsidwa funso limodzi lokha sapeza mpata wosiyanitsa ziwirizo.

Ngakhale kholo litavomera, nkhani sinathe. Pangano la bungwe la United Nations la ufulu wa ana, limene linavomerezedwa mu 1989, limatenga aliyense wosakwana zaka 18 kukhala mwana, ndipo mu gawo 16 limateteza moyo wachinsinsi wa mwana, pamene mu gawo 12 limati maganizo a mwana amvedwe pa zinthu zomukhudza malinga ndi msinkhu wake. Dziko la Faransa linapita patsogolo mu Febuluwale 2024 pokhazikitsa lamulo lonena kuti makolo onse awiri ali ndi udindo woteteza pamodzi ufulu wa mwana pa chithunzi chake, kuti azimufunsa mwanayo malinga ndi kukhwima kwake, ndiponso kuti makolo akasemphana maganizo woweruza akhoza kuletsa kholo limodzi kufalitsa zithunzi za mwana popanda linzake kuvomera. Kwa bambo wa mafelemu, tanthauzo lake ndi losavuta. Ngati mtsikanayo akubisa nkhope kumbuyo kwa felemu kapena akunena kuti sakufuna, kukana kwakeko kulemekezedwe ngakhale mayi ake akuseka n'kumati ndi manyazi chabe. Kuvomera kwa mwana pakokha n'kosakwanira, koma kukana kwake pakokha n'kokwanira kuti chithunzi chisaikidwe.

Chinthu china chimene chiyenera kuunikidwa ndi zimene chithunzicho chikuulula kupatula nkhope. Mtsikanayo wavala yunifolomu, mwina yokhala ndi chizindikiro cha sukulu pachifuwa. Tsamba la bizinesi limatchula malo amene bizinesiyo ili, mawu apansi pa chithunzi akutchula dzina la mayi ake, ndipo kuwala kwa dzuwa pamodzi ndi yunifolomu zikusonyeza nthawi imene amaweruka. Chilichonse mwa zimenezi pachokha n'chaching'ono, koma zikaphatikizidwa zimapatsa mlendo dzina la banja, sukulu, dera ndi nthawi. Njira yodziyesera ndi kuyang'ana chithunzicho ngati munthu wosawadziwa anthuwo, n'kudzifunsa ngati ungathe kumupeza mwanayo mawa lake pogwiritsa ntchito zimene waonazo. Kuphimba nkhope ndi kachithunzi koseketsa, monga ambiri amachitira, sikuthetsa vutoli ngati chizindikiro cha sukulu ndi dzina la kholo zatsala poyera. Mafoni ambiri amalembanso m'kati mwa failo ya chithunzi malo enieni amene chinajambulidwa ngati mwini foni analola kamera kudziwa malo, ndipo ngakhale masamba ambiri a mchezo amachotsa zimenezi pa chithunzi choonekera kwa anthu, failo yotumizidwa yathunthu kapena yoikidwa pa tsamba la bizinesi lodzipangira ikhoza kukhala nazobe.

Kumene ana amajambulidwa pagulu, monga m'kalasi yophunzitsa luso kapena m'timu ya masewera, makolo ena amakana ndipo safotokoza chifukwa. Woyang'anira asawaumirize kufotokoza. Pakati pa okanawo pakhoza kukhala mayi amene anathawa nkhanza ndipo sakufuna kuti adziwike kumene ali, kapena banja limene likulera mwana amene nkhani yake ili kukhoti. Chofunika n'chakuti wojambula adziwe ana amenewo asanayambe kujambula, chifukwa kuwafufuta chithunzi chitafalikira kale sikubweza kanthu.

Tsopano tifike pa chopenta chija, chimene ndi gawo limene bamboyo sakanaliganizira n'komwe. Mayiyo anachigula ndi ndalama zake, choncho n'zachibadwa kuganiza kuti iye ndiye angalole kuti chijambulidwe. Koma m'malamulo a maiko ambiri, kugula chinthu chaluso kumapatsa wogula nsalu, utoto ndi ufulu wochipachika m'nyumba kapena kuchigulitsanso, pamene ufulu wochikopera ndi kuchifalitsa umatsala ndi mmisiri pokhapokha atausamutsa mwa mgwirizano, umene m'maiko ambiri uyenera kukhala wolembedwa. Kujambula chopenta ndi kamera ndi kuchikopera, ndipo kuika chithunzicho pa intaneti ndi kuchifalitsa. Pangano la Berne la mu 1886, limene maiko oposa 180 analowamo, limati ntchito yaluso imatetezedwa popanda mwini wake kuilembetsa kulikonse kapena kuikapo chizindikiro, ndipo chitetezocho chimakhalapo moyo wonse wa mmisiri kuwonjezerapo zaka zosachepera 50 atamwalira. Maiko ambiri, kuphatikizapo a mu mgwirizano wa ku Ulaya ndi Amereka, anaonjezera zakazo kufika 70. Choncho kusapezeka kwa chizindikiro cha © pa chopenta sikutanthauza kuti chilibe mwini.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti kutchula dzina la mmisiri pansi pa chithunzi n'kokwanira. Kutchula dzina ndi udindo wina wapadera, umene Pangano la Berne limauteteza pamodzi ndi ufulu wa mmisiri wokana kuti ntchito yake isinthidwe m'njira yomuchotsera ulemu, koma sikulowa m'malo mwa chilolezo. Kulakwitsa pozindikira woyenera kupemphedwa kumagwetsa ngakhale mabungwe akuluakulu. Mu 2003 bungwe loyendetsa mapositi ku Amereka linatulutsa sitampa yokhala ndi chithunzi cha ziboliboli za asilikali zimene zili pa malo okumbukira nkhondo ya ku Korea mu mzinda wa Washington. Bungwelo linalipira munthu amene anajambula chithunzicho, koma silinapemphe Frank Gaylord, mmisiri amene anapanga zibolibolizo. Iye anakasuma, khoti la apilo linagamula momukomera mu 2010, ndipo mu 2013 anapatsidwa chipukuta misozi cha pafupifupi madola 685,000. Chilolezo chinalipo ndithu, koma chinachokera kwa mwini chithunzi, pamene chimene chinasowa ndi cha mwini wa chinthu chojambulidwacho.

Izi sizikutanthauza kuti chopenta chilichonse chooneka pakhoma kumbuyo kwa munthu chimafuna kalata. Malamulo a maiko ena amalekerera ntchito yaluso imene yalowa m'chithunzi mwangozi, monga mmene gawo 31 la lamulo la ku Britain la mu 1988 limanenera, ndipo maiko ena amalola kujambula nyumba ndi ziboliboli zimene zili pamalo a anthu onse mokhazikika, ngakhale kuti ena amaletsa kugwiritsa ntchito zithunzi zotero pa malonda. Muyeso wothandiza ndi kudzifunsa ngati chithunzicho chikanakhalabe ndi tanthauzo lomwelo ntchito yalusoyo itachotsedwamo. Pa chithunzi cha bambo wa mafelemu yankho n'lakuti ayi, chifukwa chopentacho chili pakati penipeni, chikuoneka chonse, ndipo kukongola kwake ndi kumene kukugulitsa felemuyo. Sichinalowemo mwangozi.

Kupempha mmisiri sikovuta monga mmene anthu amaopera. Dzina lake nthawi zambiri limakhala pakona ya chopenta kapena kumbuyo kwake, ndipo wogula amadziwa kumene anachigula. Pempho litchule chopenta chake, lionetse chithunzi chimene chikufuna kuikidwa, linene poyera kuti ndi tsamba la bizinesi, ndipo lifunse mmene mmisiriyo akufuna kutchulidwira. Amisiri ena amavomera msanga chifukwa chithunzi chotero chimawaonetsanso kwa ogula atsopano, ena amaika malire, monga kuti chithunzi chikhale chaching'ono kuti wina asachisindikize, kapena kuti mitundu yake isasinthidwe ndi zokometsera za pa foni, ndipo ena amafuna malipiro. Pali amisiri amene anapereka kale chilolezo kwa anthu onse kudzera m'ziphaso za Creative Commons, koma zilembo zake ziyenera kuwerengedwa mosamala: CC BY imalola kugwiritsa ntchito ngakhale pa malonda malinga mwini wake atchulidwe, pamene CC BY-NC imaletsa kugwiritsa ntchito pa malonda, ndipo chithunzi chotsatsira bizinesi chili m'gulu loletsedwalo. Chikanakhala kuti chimene chili mu felemu ndi chopenta chimene mtsikana wa zaka 9 uja anapenta yekha, umwini ukanakhala wa mwanayo, popeza malamulo a umwini wa ntchito zaluso sayang'ana msinkhu, ndipo kholo ndi limene likanamuvomerera.

Chotsala ndi nkhani yobweza chilolezo. Lamulo la GDPR limati munthu akhoza kubweza kuvomera kwake nthawi iliyonse, ndipo kubwezako kukhale kosavuta mofanana ndi kuvomera, ngakhale kuti zimene zinachitika chilolezo chikadalipo sizisanduka zolakwa. Bambo wa mafelemu angathe kuchotsa chithunzi pa tsamba lake m'mphindi imodzi, koma sangafike mu mafoni a anthu amene anachisunga kapena kuchitumiza kwa anzawo. Choncho lonjezo loona limene angapereke n'lakuti adzachotsa pamalo amene iye akuwalamulira, ndipo ndi bwino kuti mayiyo amve zimenezi asanavomere. Kuti lonjezolo litheke, bamboyo ayenera kudziwa malo onse amene anaika chithunzi chilichonse, chifukwa kawirikawiri chithunzi chimachotsedwa pa tsamba limodzi n'kuiwalika pa lina.

Tiyerekeze kuti mayankho abwera motere: mayiyo wavomera kuti iye aoneke koma popanda dzina, wakana kuti mwana aoneke, ndipo mmisiri sanayankhe ngakhale papita sabata ziwiri. Kusayankha kwa mmisiri si chilolezo, choncho chithunzi chija, mmene chinajambulidwira, sichingaikidwe. Kudula mbali imene kuli mwana kumathetsa vuto limodzi, koma chopenta chikadali pakati. Chimene bamboyo amafuna kuonetsa kuyambira pachiyambi ndi ntchito ya manja ake, ndipo imeneyo angathe kuijambula popanda kupempha aliyense: kona ya felemu pafupi kwambiri pomwe matabwa awiri akumana, mizere ya thabwa ndi vanishi yake, ndi kumbuyo kwa felemu kumene kuli zopachikira. Ngati akufuna kuti anthu aone felemu yathunthu ili ndi kanthu m'kati, akhoza kukhoma ina yofanana n'kuikamo chithunzi cha mtengo kapena phiri chimene anajambula yekha. Chithunzi cha mayi ndi mwana wake atagwirizira chopenta chija angachitumize kwa mayiyo kuti akhale nacho, kenaka n'kuchifufuta mu foni yake ngati mayiyo sakufuna kuti chisungidwe.